Bambo a kunyumba apezeka ndi TB, mwana ali ndi chipsera cha katemera: mankhwala amwerenji?

Mayi wa ana awiri: Moni nonse. Ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira. Bambo a kunyumba akhala akutsokomola pafupifupi miyezi iwiri, usiku thukuta mpaka kunyowetsa zofunda, thupi kumangotha. Lachiwiri anawayeza makhololo ndipo apezeka ndi chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Mankhwala ayamba, lero ndi tsiku lachinayi. Chimene chandisokoneza n'chakuti achipatala akuti tonse a m'nyumba tipite, ndipo mwana wamng'ono, wa zaka 2 ndi miyezi 3, akuti angafunike kumwa mankhwala kwa miyezi 3. Koma mwanayu sakudwala. Akudya, akuthamanga, sakutsokomola n'komwe. Katemera wa BCG analandira atangobadwa, chipsera chilipo pamkono, ndachiyang'ananso m'mawa uno. Apongozi anga akuti ndisamuzunze mwana wabwinobwino ndi mapiritsi pamene anabaya kale. Wamkulu ali ndi zaka 9, amagona chipinda chake. Wamng'onoyu amagona nafe. Nditani?

Bambo wa mapasa: Pepani mayi. Ine ndikuona ngati apongoziwo ali ndi mfundo. Katemera tinabayitsa ana athuwa ndi wa matenda omwewa, nanga ntchito yake n'chiyani akamamwanso mankhwala? Chachikulu apatulireni bambowo kapu, mbale ndi supuni zawo, muzitsuka ndi madzi otentha. Mwana akayamba kutsokomola ndiye muthamangire kuchipatala.

Ndinachira TB: Ayi achimwene, za mbalezo ndikane. Ine ndinadwalapo, ndipo chimene chinkandipweteka mtima kuposa chifuwacho chinali kuona kapu yanga itaikidwa payokha pawindo ngati ndi ya poizoni. Adokotala anandiuza mosabisa kuti TB siyenda pa kapu kapena pa supuni, imayenda mu mpweya. Ukatsokomola, ukayetsemula, ngakhale kungolankhula, tizilombo timatsala tikuyandama m'chipinda kwa maola ngati mawindo ali otseka. Anthu anga ankatsuka mbale katatu koma usiku tinkagona titatseka paliponse. Ndipo chipsera cha BCG ndili nacho inenso, chachikulu ndithu. Sichinandiletse kudwala ndili ndi zaka 31.

Namwino wa ana: Mayi, mupite nawo ana onse awiri sabata ino, musadikire kuti wina ayambe chifuwa. Ndifotokoze za katemerayo kaye chifukwa apongozi anu sakunena zopanda nzeru, kungoti akumuyembekezera ntchito imene sagwira.

BCG ndi katemera wakale, anayamba kuperekedwa kwa anthu mu 1921, ndipo mpaka lero ndi yekhayo wa TB amene ali pa ntchito. Chimene amachita bwino n'kuteteza ana aang'ono ku mitundu iwiri yoopsa kwambiri ya matendawa: TB yolowa ku ubongo, ija imaumitsa khosi n'kukomola mwana, ndi TB yomwazikana thupi lonse kudzera m'magazi. Pa ziwirizi amachepetsa ngozi kwambiri, mwa ana 10 amene akanadwala chotero amapulumutsa 7 kapena 8. N'chifukwa chake timabaya mwana akangobadwa. Koma sitingamudalire kuti atchinga tizilombo kulowa m'mapapo a mwana amene wagona miyezi iwiri pambali pa munthu wotsokomola, ndipo mphamvu yake imanka nichepa munthu akamakula. Pa TB ya m'mapapo ya akuluakulu, kwina anapezeka kuti amathandizako, kwina sanathandize n'komwe.

Tsono wanuyo wapuma mpweya umodzi ndi bambo ake usiku uliwonse nthawi yonse imene ankatsokomola asanayambe mankhwala. Tizilombo tingakhale titalowa kale, tili phee, iye akusewera. Munthu wamkulu wathanzi amatha kutitsekera m'thupi moyo wake wonse, ndipo mwa akuluakulu 10 otere amene amadzadwala ndi mmodzi kapena osafika. Mwana wosakwana zaka 5 chitetezo chake sichinakhwime. Mwa ana otere amene tizilombo talowa ndipo sanamwe zoteteza, pafupifupi mmodzi mwa 5 amadwala zisanathe zaka 2, ndipo ambiri mwa iwo m'miyezi yoyambirira yomweyi. Mankhwala akukuuzaniwo ndi opha tizilombo tikadali tochepa, tisanadzuke.

Mayi wa ana awiri: Zikomo anamwino. Koma adziwa bwanji kuti talowadi? Ndimaganiza kuti amuyeza kaye, akapeza kanthu ndiye n'kumupatsa. Kumwetsa mwana mankhwala mongoganizira kukundilemera.

Wa ku labu: Pamenepo ndikugwirizana nanu. Kuyeza kulipo. Amabaya kamadzi pang'ono, 0.1 ml, m'kati mwa khungu lenilenilo la mkono, mumabwerera pakatha maola 48 mpaka 72, n'kuyeza kukula kwa chotupacho. Chikafika mamilimita 10 ndiye kuti tizilombo tinalowa. Palinso kuyeza magazi komwe sikusokonezedwa ndi BCG. Ine ndikanakana mankhwala mpaka atayeza. Akapezeka alibe, nkhani yatha.

Namwino wa ana: Achimwene a ku labu, kayezedwe mwafotokoza bwino, ndingowonjezera kuti timayeza kuuma kwa chotupacho pochikhudza ndi chala, osati kufiira kwa khungu, ndipo kwa mwana amene ali ndi HIV kapena wonyentchera kwambiri mamilimita 5 ndi okwanira. Koma mawu oti "akapezeka alibe, nkhani yatha" ndi amene ndikuwakana, chifukwa ndi pamene ana amatipulumukira.

Kuyeza konse kuwiri, kwa pakhungu ndi kwa magazi, sikuona kachilombo. Kumaona ngati thupi lakazindikira kachilomboko, ndipo thupi limatenga masabata angapo, nthawi zina mpaka 8 kapena kupitirira, kuti lifike pamenepo. Bambo awa anali opatsira mpaka sabata yomwe ino. Ngati mwana anapuma tizilombo masabata awiri apitawo, lero mkono wake ukhala wosalala, inu mupita kwanu mukusangalala, pamene tizilombo tikuswana. Kudikira masabata 8 kuti muyezenso ndi kutaya nthawi yeniyeni imene mwana wamng'ono amadwalira. Pa chifukwa chimenechi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati mwana wosakwana zaka 5 wokhala nyumba imodzi ndi munthu amene makhololo ake atsimikiza TB ya m'mapapo apatsidwe mankhwala oteteza ngakhale kuyeza kumeneku kusanachitike. Chimodzimodzi munthu aliyense wa m'nyumbamo amene ali ndi HIV, kaya ndi wamkulu.

Kuyeza kumene sikungadumphidwe ndi kwina: kutsimikiza kuti mwanayo sanayambe kale kudwala.

Wa ku labu: Za nthawi yodikirayo ndavomera, ndinaiphonya. Koma kwa wa zaka 9 uja ndi mayi ake ndikuonabe kuti kuyeza kuli ndi phindu kumene kukupezeka. Sionse okhala m'nyumba amene amatenga.

Namwino wa ana: Pamenepo sindikutsutsani. Kwa amene apitirira zaka 5, kuyeza kumathandiza kusankha amene mankhwala angamupindulire kwambiri. Kumene kulibe, ambiri amaperekabe akaona kuti munthuyo sakudwala. Malangizo amasiyana dziko ndi dziko.

Azakhali ake: Ine ndangoona mutu wa nkhani. Bwanji osangomubayanso katemerayo kuti mphamvu ibwerere? Mwana wa mchimwene wanga alibe chipsera n'komwe, takhala tikuganiza zokamubayitsanso.

Namwino wa ana: Amayi, kubaya kachiwiri sikulimbikitsidwa chifukwa sikunaonetse kuti kumawonjezera chitetezo ku matendawa, ndiponso katemera saapha tizilombo timene talowa kale. Za chipsera, ana ena amabayidwa bwinobwino koma chipsera osatuluka. Yang'anani khadi lake la katemera, ngati zinalembedwa ndiye kuti analandira.

Mayi wa ana awiri: Anamwino, mwati atsimikize kuti sanayambe kudwala. Achita chiyani kwenikweni? Mwana wa zaka 2 sangalavule makhololo m'kabotolo ngati anachitira bambo ake.

Namwino wa ana: Zoona, ana aang'ono amameza makhololo. Choyamba akufunsani mafunso, ndipo muyankhe mosabisa kanthu, ngakhale kakuoneka kakang'ono. Kodi akutsokomola? Thupi likumatentha? Akudya ngati kale? Akusewera ngati kale kapena wayamba kumangofuna kuberekedwa? Akamugwiragwira m'khosi ndi m'khwapa kufuna mwanabere wosapweteka amene sakuphwa. Kenako sikelo. Tengani khadi lake la kusikelo, chifukwa kwa mwana chizindikiro choyamba nthawi zambiri si chifuwa, ndi mzere wa kulemera umene wasiya kukwera kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ndinaonapo kamtsikana ka zaka 3 kosatsokomola n'kamodzi komwe, mayi ake akungoti "wayamba ulesi, wasiya kuthamanga ndi anzake." Titatsegula khadi, miyezi itatu sikelo inali malo amodzi. Ekisire inaonetsa zotupa pakati pa chifuwa.

Ngati zonsezo zili bwino, ndipo ekisire, kumene ilipo, ili yoyera, amayamba zoteteza. Ngati pali chokayikitsa, zoteteza zimaima kaye n'kuyamba kufufuza matenda enieni: ekisire, kuyeza chimbudzi chake pa makina omwe aja amayezera makhololo, kapena kutenga madzi a m'mimba ndi kapaipi kodzera m'mphuno m'mamawa asanadye. Apa dziwani kuti ana amakhala ndi tizilombo tochepa, choncho makina akanena kuti sanapeze kanthu sizitanthauza kuti mwana alibe TB. Adokotala amaphatikiza zonse n'kugamula.

Chifukwa chake timalimbikira n'chakuti TB yeniyeni imafuna mankhwala atatu kapena anayi pamodzi poyamba. Kupatsa munthu wodwala kale mankhwala amodzi kapena awiri oteteza n'kumuchedwetsa kuchira, komanso kungaphunzitse tizilombo kupirira mankhwalawo.

Bambo wa mapasa: Ndamva, ndipo za mbale ndabweza mawu. Koma mantha anga ndi chiwindi. Timamva kuti mankhwala a TB amawononga chiwindi. Mwana wa zaka 2 kumwa tsiku ndi tsiku miyezi itatu, si kuzimitsa moto umene sunayake n'kuyatsa wina?

Namwino wa ana: Funso labwino bambo, ndipo vutolo lilipodi, koma limagwa kwambiri kwa akuluakulu, makamaka achikulire, omwa mowa ndi amene chiwindi chawo chinali ndi vuto kale. Ana amapirira mankhwalawa bwino kuposa ife.

Ndiyerekeze ndi mwana wa mayiwa. Miyezi 3 akunenayo mwina ndi ya mapiritsi a ana osungunuka m'madzi, ophatikiza rifampisini 75 mg ndi aisoniazidi 50 mg m'piritsi limodzi, omwa tsiku lililonse. Mlingo umatsata sikelo, osati zaka. Mwana wa makilogalamu 4 mpaka 7 amamwa limodzi, wa 8 mpaka 11 awiri, wa 12 mpaka 15 atatu. Mayi, akulemera bwanji?

Mayi wa ana awiri: Mwezi watha anali 11.4.

Namwino wa ana: Ndiye ayamba ndi awiri, koma ali pafupi ndi malire. Akangofika 12 ayenera kukwera pa atatu, choncho ulendo uliwonse wokatenga mankhwala mupite naye akakwere sikelo, musatume munthu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, mwana amakula koma mlingo uli womwe uja wa tsiku loyamba. Mumasungunula m'madzi pang'ono, amwe onse nthawi yomweyo, n'kutsukuluza kapuyo ndi timadzi tina amwenso kuti zotsalira pansi zisatayike. Ndi bwino m'mimba muli mopanda kanthu, monga m'mawa asanadye.

Mkodzo usanduka wofiirira ngati lalanje, misozi ndi thukuta nazonso nthawi zina. Zimenezo ndi mtundu wa rifampisini chabe, musasiye. Zoti musiye n'kuthamangira kuchipatala ndi izi: maso achikasu, kusanza kobwerezabwereza, kukana chakudya kwa masiku, kupweteka m'mimba, kapena zidzolo thupi lonse. Ndipo ali pa mankhwalawo akayamba kutentha thupi kosatha, kuwonda, kugona mopitirira, kuuma khosi kapena kukomoka, musati "akumwa kale zoteteza", mubwerere naye msanga. Zoteteza zimachepetsa ngozi kwambiri, ndi 60 mpaka 90 pa 100 zikamwedwa mpaka kumapeto, koma sizifika pa 100.

Njira zina ziliponso, angakupatseni malinga ndi zomwe ali nazo: aisoniazidi yekha tsiku lililonse kwa miyezi 6, kapena aisoniazidi ndi rifapentini kamodzi pa sabata kwa masabata 12.

Mkazi wa wodwala wina: Ya kamodzi pa sabatayo ndi imene ndinamwa ine amuna anga atadwala. Ndinene zoona, sabata yachitatu ndinatsala pang'ono kusiya. Patangopita maola ochepa nditamwa, thupi linkaphwanya ngati chimfine chachikulu, mutu, kuzizidwa, mawa lake n'kukhala bwino. Ndinakawauza, anandiyeza, anati ndipitirize koma ndizibwera ngati zakula. Ndinamaliza onse 12. Anandipatsanso vitamini B6 chifukwa zala za kumapazi zinayamba dzanzi ngati nyerere zikuyenda. Chimene palibe anandiuza, ndipo mpaka lero chimandiwawa, ndi za kulera. Ndinali pa mapiritsi olera, ndinadzamva kwa munthu wina pamzere ndili pa sabata ya 7 kuti mankhwalawa amafooketsa mapiritsiwo. Mwamwayi sindinaime, koma mwezi umenewo sindinagone tulo.

Mayi wa ana awiri: Mayo ine. Ine ndili ndi ka pamkono kaja. Nakonso?

Namwino wa ana: Nakonso mayi. Rifampisini ndi rifapentini zimachititsa chiwindi kuphwanya msanga mankhwala olerawo, a mapiritsi ndi a pamkono omwe. Akakupatsani imodzi mwa ziwirizi muzigwiritsanso ntchito kondomu nthawi yonse mukumwa mpaka patapita mwezi mutamaliza. Lupu siikhudzidwa. Aisoniazidi yekha wa miyezi 6 alibe vuto limeneli, ndiye mukambirane nawo kuti yokuyenerani ndi iti. Muwauzenso ngati mukukayikira kuti ndinu oyembekezera, chifukwa ya kamodzi pa sabata siperekedwa kwa amayi apakati, komanso ngati wina m'nyumbamo akumwa ma ARV, poti ena mwa iwo sagwirizana ndi mankhwala awiriwa ndipo ena amafuna kusintha mlingo. Ndipo nonse, kuyambira bambo, muyezetse HIV ngati simunayezetse posachedwa, chifukwa zotsatira zake zimasintha zochita.

Chinanso chofunika: pa pepala la zotsatira za bambo pamakhala mzere wonena ngati tizilombo tawo timamva rifampisini kapena ayi. Mufunse. Ngati ndi TB yosamva mankhwala, zonse ndanenazi zisintha, oteteza amakhala ena, levofulokisasini kwa miyezi 6.

Mayi wa ana awiri: Ndawafunsa, akuti anawauza kuti ndi "yomva mankhwala". Nanga za kugona? Ndiwasamutse chipinda mpaka liti? Akudziona ngati apalamula, kuyambira Lachiwiri sanamunyamule mwana, mwananso akulira kufuna bambo ake.

Ndinachira TB: Zimenezo ndikuzidziwa. Ine anandiuza kuti ukamamwa mankhwala mokhulupirika, mphamvu yopatsira ena imatsika msanga, ndipo pakatha masabata awiri ambiri sakhalanso oopsa. Ndinagona pandekha masabata awiriwo, windo lotsegula usiku wonse, masiki kukamwa ndikakhala ndi anthu m'nyumba. Masana ndinkakhala panja, ndipo panjapo mwana wanga ndinkamunyamula. Auzeni bambowo kuti panja pamphepo angathe kucheza naye. Ngozi yaikulu inali miyezi ija asanadziwe, osati lero pamene akumwa mankhwala.

Wa ku labu: Masabata awiriwo musawatenge ngati lamulo la aliyense. Amene anali ndi tizilombo tambiri m'makhololo kapena mabowo m'mapapo amatha kutenga nthawi yoposa pamenepo. Pakatha miyezi 2 amayezanso makhololo, ine ndikanadikira pamenepo asanabwerere kuchipinda kogona mwana.

Ndinachira TB: Miyezi 2 munthu ali yekha m'nyumba mwake? Achimwene, mukanadziwa mmene zimapwetekera. Anthu ena amasiya mankhwala chifukwa cha kusalidwa komweko.

Namwino wa ana: Nonse muli ndi mbali yanu, ndipo ngakhale madokotala sagwirizana pa tsiku lenileni. Chimene ndimayang'ana ine ndi ngati akumwa osadumphitsa, chifuwa chikuchepa, kutentha thupi kwasiya, ndipo mwana wayamba kale zoteteza. Zikatero masabata awiri amakwanira kwa ambiri. Chifuwa chikapanda kusintha, atalikitse ndipo akaonedwenso. Amene anaona ekisire yawo ndi amene angakuuzeni bwino.

Bambo wa mapasa: Nanga apongozi aja? Ngati amakhala nanu kapena amabwera kawirikawiri, iwonso si ofunika kuonedwa? Achikulire ambiri amakhala ndi kachifuwa kosatha komwe aliyense anakazolowera.

Mayi wa ana awiri: Mwandikumbutsa chinthu. Anakhala nafe miyezi inayi chaka chatha, ndipo amatsokomola kuyambira kale, amati ndi ukalamba. Sindinaganizepo. Kuwauza kuti akayezetse makhololo pamene akukana za mdzukulu, sindikudziwa ndiyambira pati.

Mkazi wa wodwala wina: Musawauze ngati mukuwaloza chala kuti ndiwo anabweretsa. Auzeni kuti achipatala aitana aliyense amene wagonapo m'nyumbamo, ndipo si bodza. Akayankhule ndi mwana wawo, mwina amumvera kuposa inu.

Mayi wa ana awiri: Ndabwerako, pepani ndinakhala chete masiku awa. Tinapita Lolemba ndi ana onse. Wamng'ono sikelo 11.6, ekisire yoyera, mwanabere alibe. Amupatsa mapiritsi osungunuka aja, awiri m'mawa uliwonse, ndipo alemba kuti tibwere naye pakatha mwezi. Tsiku loyamba analavula pafupifupi theka, ndinalira. Ndinaimba kuchipatala, anati ndizimupatsa pang'onopang'ono ndi supuni m'malo mwa kapu, ndipo dzulo ndi lero wamwa onse. Thewera lafiira monga munanenera, ndikanapanda kudziwa ndikanakomoka. Wamkulu amubaya pakhungu, tikaonetsa mkono Lachinayi, ndipo akuti ngakhale ukhale wosalala adzamuonanso. Ine ekisire ili bwino, HIV tonse tilibe, koma sindinasankhe pakati pa miyezi 6 ndi masabata 12 chifukwa cha ka pamkono kaja. Apongozi avomera kuti mwana azimwa bambo ake atawalankhula, koma zawo za makhololo akuti aganizire kaye. Anamwino, akadzalavulanso ngati tsiku loyamba lija, ndimupatse ena nthawi yomweyo kapena ndidikire mawa?